Kalumo Kakuthwa ka Mlendo: Zomwe Zinaonekera J.C. Penney

Pa 14 Juni 2011, kampani ya masitolo ya J.C. Penney ya ku Amereka inalengeza kuti yapeza mkulu watsopano. Tsiku lomwelo mtengo wa masheya ake unakwera ndi pafupifupi 17 peresenti. Munthuyo anali asanalowe n'komwe mu ofesi, asanagulitse ngakhale sokosi imodzi, koma dzina lake lokha linakwanira kusangalatsa eni ndalama. Anali a Ron Johnson, amene anakhazikitsa masitolo a kampani ya Apple.

Mbiri yawo inalidi yosiririka. Anaphunzira ku mayunivesite a Stanford ndi Harvard. Anagwira ntchito zaka pafupifupi 15 ku Target, komwe anathandiza kuti sitolo ya katundu wotchipa izidziwika ndi zinthu zokongola. M'chaka cha 2000 anapita ku Apple, ndipo mu Meyi 2001 anatsekula masitolo awiri oyamba a kampaniyo, anthu ambiri odziwa zamalonda akunena kuti sapita patali. Pofika 2011 masitolowo anali oposa 300, ndipo potengera kukula kwa malo, ankabweretsa ndalama zomwe masitolo ena ankangozimva m'nkhani. Bodi iliyonse ikanakonda kupeza munthu wotere. Patatha miyezi 17 chiyambireni ntchito, bodi yomweyo inawachotsa, kampani itatsala pang'ono kugwa chagada.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati ya munthu mmodzi wodzikuza. Ine ndikuona kuti cholakwa chachikulu chinachitika a Johnson asanafike, m'chipinda chomwe anthu anakhala pansi kusankha woti apatsidwe mpando.

J.C. Penney inali kampani yakale, yoyambitsidwa mu 1902 m'katauni ka migodi ka Kemmerer ku Wyoming. Pofika 2011 inali ndi masitolo pafupifupi 1,100, ambiri ogulitsa zovala, makatani, zofunda ndi ziwiya kwa mabanja opeza pakatikati. Sinali pa imfa, koma inali itazilala. Mu 2007 inagulitsa katundu wa madola pafupifupi 20 biliyoni. Mu 2011 chiwerengerocho chinali chitatsikira pa 17 biliyoni ndi pang'ono. Achinyamata ankaiona ngati sitolo ya amayi awo. Choncho kufuna kusintha sikunali kupenga ayi. Mu 2010 a Bill Ackman, mkulu wa kampani yoika ndalama m'mabizinesi ya Pershing Square, anagula gawo lalikulu la masheya, kenaka n'kulowa mu bodi. Iwo ndiwo analimbikira kwambiri kuti pabwere munthu wakunja wogwedeza zinthu, ndipo maso awo anali pa a Johnson.

Nanga a m'nyumba anali kuti? Apa mpomwe pali gawo la nkhani lomwe silikambidwa kwambiri. Mu 2004, mpando womwewu utakhala wopanda munthu, bodi inadumpha mayi Vanessa Castagna, amene ankayendetsa masitolo ndi kagulidwe ka katundu, n'kutenga a Myron Ullman kuchokera kunja. Mayiwo anachoka pasanapite nthawi. Mu 2009 a Ken Hicks, amene anali pulezidenti wa kampaniyo komanso woyang'anira katundu yense wogulitsa, munthu amene ambiri ankamuona ngati mlowam'malo, anachoka kukakhala mkulu wa Foot Locker, ndipo kumeneko zinthu zinawayendera bwino. Ndiye pamene mpando umatsekuka mu 2011, anthu amphamvu okulira m'nyumba anali atachepa kale. Bodi ikamanena kuti m'kati mulibe woyenera, nthawi zambiri imakhala ikunena zoona, koma imaiwala kunena kuti ndi yomweyo imene inawasiya oyenerawo kuti apite. Munthu waluso amawerenga zizindikiro. Akaona kuti mpando wapamwamba umapita kwa alendo nthawi zonse, sadikira kuti amuuze. Amayamba kuyankha mafoni a makampani ena.

Pali chinanso chimene chimapendeketsa sikelo, ndipo chimachitika pa kampani ya masitolo 1,100 mofanana ndi pa sukulu ya pulayiveti ya aphunzitsi khumi. Wam'kati mumamudziwa yense. Mukukumbukira lipoti lomwe anachedwa nalo, tsiku lomwe anapsa mtima pa msonkhano, ndi ntchito ina yomwe inamukanika zaka zinayi zapitazo. Wakunja mumamudziwa kudzera m'mapepala amene walemba yekha, mwa anthu omuchitira umboni amene wasankha yekha, ndi ola limodzi kapena awiri a intavyu amene wakonzekera kwa milungu. Mukuyerekeza munthu wathunthu ndi munthu wongosankhidwa zabwino zake. Pa mpikisano wotere wam'kati amayamba ataluza kale. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sananame. Koma kuthwa kwa kalumo sikukuuzani ngati wokagwirayo akudziwa mutu umene akumeta.

A Johnson anayamba ntchito pa 1 Novembala 2011. Kumapeto kwa Januwale 2012 anaitana atolankhani ndi eni masheya ku New York n'kuwaonetsa ziwerengero zochititsa manyazi. M'chaka chapitacho kampani inachita maselo 590. Katundu wogulidwa pa mtengo wolembedwa pa chikwangwani sanafike ngakhale 1 peresenti ya ndalama zonse zolowa. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ndalamazo anachokera ku katundu wotsitsidwa mtengo ndi theka kapena kuposa. Kwa iwo tanthauzo lake linali loonekeratu: mitengo yolembedwayo ndi yabodza, makasitomala akudziwa kuti ndi yabodza, ndiye tisiye kunamizana. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2012 makuponi anathetsedwa, maselo ambiri anathetsedwa, ndipo mitengo inatsitsidwa kamodzi n'kamodzi ndi pafupifupi 40 peresenti kuti ikhale yomweyo tsiku lililonse.

Ziwerengerozo zinali zoona. Koma zinkatha kuwerengedwa mwanjira ina, ndipo aliyense amene anaimapo pa kauntala ya Penney Loweruka m'mawa akanaziwerenga mwanjira inayo. Ngati pafupifupi aliyense amagula pa selo, ndiye kuti selo ndi chimene chimamudzutsa kunyumba. Aliyense amene anagulapo kaunjika akudziwa kuti malaya amene wanenerera kuchoka pa K8,000 kufika pa K5,000 amakoma kuposa malaya omwewo ataikidwa pa K5,000 osanenerera. Ndalama yotuluka m'thumba ndi imodzimodzi, koma woyambayo amabwerera kunyumba atapambana. Mayi wa ku Penney ankadula kuponi m'nyuzipepala, n'kuisunga m'chikwama, ndipo kuponiyo inali ndi tsiku lothera. Tsiku lotheralo ndi lomwe linkamuuza kuti apite sabata ino, osati mwezi wamawa. Atachotsa kuponi, panalibenso chomufulumizitsa. Komanso mtengo wokwera wolembedwa pa chikwangwani unkamuuza kuti chinthucho n'chapamwamba; mtengo wotsika wopanda china choyerekezera unkangomuuza kuti n'chotchipa.

Kulakwitsa powerenga makasitomala kumachitikira aliyense, ndipo amalonda a masitolo ali ndi njira yakale yodzitetezera. Ganizo latsopano amaliyesa m'masitolo ochepa, mwina khumi kapena makumi awiri, kwa miyezi ingapo, n'kuyerekeza ndi masitolo ena ofanana nawo amene sanasinthidwe. Likakanika, mwataya zochepa. Malinga ndi zomwe manyuzipepala a ku Amereka analemba pambuyo pake, wina atapereka ganizo loti mitengo yatsopanoyi iyambe yayesedwa kaye, a Johnson anayankha kuti ku Apple sankayesa. Choncho masitolo onse 1,100 anasintha tsiku limodzi.

Yankho limeneli lili ndi nkhani yonse m'kati mwake. Ku Apple sankafunikadi selo, chifukwa ankagulitsa katundu wawo okha, wosapezeka ndi dzina lina, amene anthu ankagona pa mzere kumudikira. Sitolo ya Apple inali ndi mitundu yochepa ya katundu, ndipo mtengo unkaikidwa ndi kampani yomwe yapanga chinthucho. Penney inkagulitsa mathawulo ndi mabuluku amene munthu akanawapeza ku Kohl's kapena ku Macy's, pamtunda wongoyenda pansi. Luso la a Johnson linali lenileni, koma gawo lina la chipambano chawo linali la iPhone, la a Steve Jobs, ndi la kampani yomwe inali ndi ndalama zodikirira. Zimenezo zinatsala ku California. Bodi inalipira mtengo wa zonse pamodzi, n'kulandira munthu yekha.

Akanakhalapo wowabweza. Koma mlendo sanabwere yekha. Maudindo akuluakulu anapita kwa anthu ochokera kunja, ena anzawo akale a ku Apple, ndipo pulezidenti watsopano, a Michael Francis, anachokera ku Target. Mu Epulo 2012 anthu mazanamazana anachotsedwa ntchito ku likulu la kampani ku Plano, m'chigawo cha Texas, ndipo kuchotsako kunapitirira. A Johnson eniake anadzanena m'khoti mu 2013 kuti ntchito pafupifupi 19,000 zinali zitatha. Ogulitsa m'masitolo amene ankalandira komishoni anawachotsera komishoniyo. Mkulu watsopanoyo sanasamukire ku Texas. Banja linatsala ku California, iye ankabwera pa ndege ya kampani. Taganizani muli wantchito wakale amene wapulumuka, mwaona anzanu a zaka makumi awiri akunyamula makatoni, ndipo mukudziwa kuti amayi ogula zovala za St. John's Bay, zomwe akuluakulu atsopano akuziona ngati zachikale, ndi amene amalipira malipiro anu. Kodi mungaimike dzanja pa msonkhano? Ambiri anasankha kusunga pakamwa ndi ntchito yomwe.

Makasitomala okha ndiwo sanaope kuyankha. M'miyezi itatu yoyamba, malonda a m'masitolo anatsika ndi pafupifupi 19 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho. Kwa sitolo yaikulu, kutsika ndi 5 peresenti ndi nkhani yosowetsa tulo. 19 ndi moto padenga. Mu Juni a Francis anachoka atagwira miyezi isanu ndi itatu yokha, ndipo zinaoneka ngati vuto laikidwa pa otsatsa malonda, kuti sanawafotokozere bwino anthu mitengo yatsopano. Miyezi itatu yotsatira malonda anatsika ndi pafupifupi 22 peresenti, kenaka 26, ndipo nyengo ya Khirisimasi, yomwe masitolo amadalira, anatsika ndi pafupifupi 32. Chiwerengero chomwe chikukulirakulira chotere sichitanthauza kuti anthu akuchedwa kumvetsa ayi, chimatanthauza kuti akupita kwina ndipo akuzolowera kumeneko.

Chifukwa chiyani bodi inadikira chaka chonse? Mwa zina, chifukwa inali itauzidwa kuti kusintha kudzatenga zaka zinayi ndipo chaka choyamba chidzawawa. Koma palinso ichi: amene anasaka mlendo, kumunyengerera ndi kumuonetsa ku dziko, amavutika kuvomereza kuti mlendoyo akusokoneza, chifukwa kutero n'kudziweruza okha. Wam'kati akalakwitsa, bodi imamudzudzula mosavuta. Wakunja wodula akalakwitsa, bodi imayamba yamuikira kumbuyo.

Chaka chitatha, malonda anali atagwa kuchoka pa madola 17.3 biliyoni kufika pa 13 biliyoni, ndipo kampani inaluza madola 985 miliyoni. Pa 8 Epulo 2013 a Johnson anachotsedwa. Bodi inaitananso a Ullman, munthu yemweyo amene anamupumitsa kuti mlendo alowe. Iwo anabwezeretsa makuponi, maselo ndi zovala zakale zija, anakongola ndalama zoposa madola 2 biliyoni kuti kampani ipume, ndipo mu Meyi anaulutsa uthenga pa wailesi yakanema wovomereza kuti analakwitsa ndi kupempha makasitomala kuti abwerere. Mu Ogasiti a Ackman anatuluka mu bodi n'kugulitsa masheya awo moluza madola mamiliyoni mazana angapo. Makasitomala ena anabwerera, koma malonda sanafikenso pomwe anali mu 2011. Mu Meyi 2020 kampaniyo inakapempha chitetezo ku khoti chifukwa cha ngongole. Sizingakhale zoona kuika zonsezo pa munthu mmodzi, poti malonda a pa intaneti ndi mliri wa korona zinagwetsanso masitolo ena ambiri, koma Penney inakumana ndi mavutowo ili kale yofooka.

Wina anganene kuti iyi ndi nkhani imodzi chabe, ya anthu olemera a kutali. Ofufuza anayang'anapo pa anthu ambiri, a maudindo wamba. A Matthew Bidwell a sukulu ya zamalonda ya Wharton anaunika mabuku a antchito a banki ina yaikulu ya ku Amereka a zaka za 2003 mpaka 2009, n'kuyerekeza okwezedwa m'kati ndi olembedwa kuchokera kunja pa maudindo ofanana. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2011, zinaonetsa kuti akunja ankalipidwa pafupifupi 18 peresenti kuposa anzawo, koma kwa zaka ziwiri zoyamba ankapeza mamalikisi otsika pa kawuniwuni wa ntchito. Mwayi woti achotsedwe ntchito unali wokwera ndi 61 peresenti. Chochititsa chidwi n'chakuti akunjawo anali ndi maphunziro ndi zaka za ntchito zochulukirapo. Sanali anthu achabechabe. Olemba ntchito, posamudziwa munthu, amadalira zomwe zimaoneka pa pepala, ndipo zooneka pa pepala n'zodula. Zomwe sizioneka pa pepala, monga kudziwa woti umufunse chinthu chikavuta ndi njira yomwe zinthu zimayendera pamalopo, zimatenga zaka ziwiri kuti munthu azitole. Naonso a Boris Groysberg a ku Harvard, atatsatira akatswiri oposa 1,000 ounika masheya m'mabanki, anapeza kuti odziwika kwambiri akasamukira ku banki ina ntchito yawo imatsika, ndipo kwa ambiri imakhala yotsika kwa zaka.

Tsono musamve ngati ndikuti wam'kati ndiye wabwino nthawi zonse. Kukweza kulinso ndi dzenje lake, ndipo ambiri timagweramo mokondwa chifukwa kumaoneka ngati chilungamo. Timakweza munthu pomuthokoza pa ntchito yomwe akuchita, osati poona ntchito yomwe akukayamba. A Laurence Peter analemba za zimenezi mu 1969, kuti munthu amakwezedwakwezedwa mpaka atafika pa udindo umene sautha, n'kukhazikika pomwepo. Mu 2019 akatswiri atatu a zachuma, a Alan Benson, a Danielle Li ndi a Kelly Shue, anaonetsa ndi ziwerengero za makampani ambiri a ku Amereka kuti ogulitsa kwambiri ndiwo ankakwezedwa kukhala mamanijala, ndipo nthawi zambiri ankakhala mamanijala ofooka. Amene ankachita bwino pa umanijala anali aja ozolowera kugwirira ntchito limodzi ndi anzawo. Mukakweza wogulitsa wanu wapamwamba mosaganiza, mumataya wogulitsa wabwino n'kupeza bwana wovuta, zonse tsiku limodzi.

Ndipo alendo ena anapulumutsadi makampani. Mu Sepitembala 2006 a Alan Mulally anachoka ku Boeing, kopanga ndege, kukatsogolera Ford, yomwe inkaluza ndalama zoopsa. Sankadziwa zopanga galimoto, ndipo ankadziwa kuti sakudziwa. Anasunga akuluakulu ambiri amene anawapeza, kuphatikizapo a Mark Fields, amene ambiri ankayembekezera kuti tsiku lina adzatenga mpandowo. Chomwe anabweretsa chinali chomwe Ford inkasowadi: msonkhano wa Lachinayi lililonse pomwe mkulu aliyense ankayenera kuonetsa poyera pomwe zinthu zikuvuta, pa kampani yomwe anthu anazolowera kubisa mavuto. Ford inadutsa m'mavuto a zachuma a 2008 ndi 2009 popanda kugwa monga anachitira General Motors ndi Chrysler, ndipo mu 2014 a Fields analowa m'malo mwa a Mulally. Kusiyana kwa alendo awiriwa n'koonekeratu. Wina anabweretsa chosowa n'kusunga odziwa. Wina anabweretsa yankho la kwina n'kuchotsa amene akanamuuza kuti funso la kuno ndi lina.

Tiyeni tsopano tiitsitse nkhaniyi ifike pa msinkhu wa ambiri a ife. Tiyerekeze kuti muli ndi holoselo ya nthambi zitatu, ndipo manijala wa nthambi yaikulu akupuma. Pali wachiwiri wake, amene wagwira nanu zaka zisanu ndi zinayi, wopanda digiri, wodekha, wosadziwa kudzigulitsa pa intavyu. Palinso wofunsira wochokera ku supamaketi yaikulu ya m'tauni, wa digiri, wolankhula mogwira mtima. Wam'katiyo mukamukweza alandira K900,000 pamwezi. Wakunjayo akufuna K1,100,000. Kusiyana kwa K200,000 pa miyezi 24, nthawi yomwe mlendo angatenge kuti afike pomwe mnzakeyo ali kale, ndi K4,800,000. Imeneyo ndi ndalama yooneka. Yosaoneka ndi yakuti wachiwiriyo akakhumudwa n'kuchoka, mudzakhala ndi anthu awiri atsopano pamwamba pa nthambi imodzi. Mukamukweza, mpando wotsala ndi wapansi, wotchipa kudzaza, ndipo mukalakwitsa posankha wokhalapo, kuwonongeka kwake n'kochepa.

Musanayang'ane nkhope ya aliyense, lembani papepala zinthu ziwiri kapena zitatu zomwe nthambiyo iyenera kuchita m'zaka ziwiri zikubwerazi. Pepala limeneli ndi lomwe liyenera kusankha munthu. Ngati nthambi ikuyenda bwino ndipo chofunika n'kuti isagwe, chuma chake chili m'mutu mwa wachiwiri uja. Iye ndi amene akudziwa wagolosale amene mungamupatse katundu pangongole chifukwa amabweza akangogulitsa soya, ndi wina wovala bwino amene sabweza. Akudziwa kuti shuga ndi mafuta ophikira ziyenera kuodedwa liti misika ya fodya isanatsekulidwe, ndi dalaivala uti amene amafika ndi makatoni osakwana. Wa ku supamaketi sanagulitsepo pangongole. Kumene akuchokera kasitomala amalipira pa tilu asanatuluke, ndipo katundu amaodedwa ndi likulu.

Koma ngati vuto la nthambiyo ndi katundu amene amasowa mwezi ndi mwezi, ndipo kuwerengera kwa sitoko sikugwirizana ndi mabuku kwa zaka zitatu, nkhani yasintha. Wachiwiri wakhala pomwepo nthawi yonseyo. Mwina sakuba, koma wazolowera, kapena amadya nsima limodzi ndi akubawo moti sangawagwire. Apa mlendo wopanda mnzake pamalopo ali ndi chomwe wam'kati alibe. Ndipo ngati chosowa ndi luso limodzi lokha, monga kusunga sitoko pa kompyuta, dzifunseni ngati mukufunikadi bwana watsopano. Nthawi zambiri luso lotere limagulidwa motchipa polemba katswiri woti agwire pansi pa manijala, kapena potumiza wam'kati ku maphunziro a miyezi ingapo. Penney inkasowa maganizo atsopano a kaonekedwe ka masitolo, ndipo inali itayamba kale kuwapeza mwa njira yoyesa pang'onopang'ono: timasitolo ta zodzoladzola ta Sephora tinayamba kulowa m'masitolo ake mu 2006, a Johnson asanabwere, ndipo tinkayenda bwino.

Kuti sikelo iwongoke, awiriwo apatseni mayeso amodzi, ochokera pa ntchito yeniyeni. Apatseni mabuku a malonda ndi a sitoko a miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, aliyense akhale nawo masiku awiri, abwere adzakuuzeni chomwe waona ndi chomwe angayambe kuchita. Mvetserani mafunso amene wakunja akufunsa kuposa mayankho ake. Mufunseni mwachindunji kuti, kumene mukuchokera munali ndi chiyani chimene kuno kulibe, ndipo mudzatani popanda chimenecho? Amene sanaganizepo za funsoli adzakuuzani kuti luso ndi luso kulikonse. Funsaninso anthu amene anagwirapo ntchito pansi pake, osati okhawo amene wawalemba kuti amuchitire umboni. Wam'katiyo mufunseni chinthu chimodzi chimene bwana wopumayo ankachita molakwika ndipo iye angachisinthe. Akasowa choyankha, mwina zaka zisanu ndi zinayi zamuphunzitsa kutsatira kokha.

Wam'kati ali ndi ubwino wina umene wakunja sangakupatseni: mungathe kumuyesa musanamupatse mpando. Mugwirizitseni udindowo kwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndi mphamvu zonse, kuphatikizapo kusaina maoda ndi kulanga wolakwa, ndipo mumuuze tsiku lomwe mudzapereke chigamulo. Kugwirizira kopanda mphamvu sikuyesa kanthu, ndipo kugwirizira kopanda tsiku lothera, kumene timakuona m'maofesi ambiri munthu n'kukhala wogwirizira zaka ziwiri, kumangomuphunzitsa kuti mukufuna ntchito yake koma simukufuna iyeyo. Kwa wakunja chomwe muli nacho ndi nthawi yoyeserera. Ku Malawi lamulo la zantchito la 2000 limalola nthawi imeneyi kwa wantchito waluso, koma isapitirire miyezi 12. Ikani chiwerengerochi pambali pa zaka ziwiri zija. Nthawi yoyeserera idzatha munthuyo asanafike pachimake, ndiye simungamuweruze ndi phindu lokha. Muyenera kuyang'ana zizindikiro zina: kodi akufunsa kapena akungonena za kumene anachokera? Kodi ganizo lake latsopano akulola kuliyesa pa nthambi imodzi, kapena akufuna zonse zisinthe Lolemba? Kodi wayamba kupempha kuti anzake akale alembedwe pa maudindo a anthu amene anawapeza? Ndipo antchito akale, amene kale ankatsutsa pa msonkhano, akutsutsabe kapena angoti zii? Gwirizanani naye asanayambe kuti chiwerengero chiti chikatsika kufika pati, mudzaimitsa zosinthazo. Mzere umenewu umalembedwa mosavuta tsiku loyamba, onse akusekererana, kusiyana ndi mwezi wachisanu ndi chimodzi pamene aliyense akuteteza nkhope yake.

Mukasankha wakunja, ntchito imodzi imatsala, ndipo ndi yomwe mabwana ambiri amaithawa. Wachiwiri uja amve kuchokera pakamwa panu, muli awiri, chikalata chisanaikidwe pa bolodi ndiponso mphekesera zisanamupeze ku kantini. Muuzeni chifukwa chenicheni, chotchulika: kuti nthambi ikufunika munthu amene anayendetsapo sitoko ya pa kompyuta, kapena kuti pa miyezi yogwirizira ija ngongole za makasitomala zinakwera ndipo sanazitolere. Mawu oti mwayi wanu ukubwera, opanda tsiku kapena udindo, iye adzawamva ngati kutsanzika. Ngati mukufuna akhale, ikani china m'manja mwake chomwe angachione: kukwera kwa malipiro, maphunziro amene kampani ilipire, kapena nthambi yachiwiri manijala wake akadzachoka. Ndipo popeza mudzamupempha kuti aphunzitse bwana wake watsopano za angongole, madalaivala ndi nyengo za malonda, muuzeni mlendoyo, wachiwiriyo ali pomwepo, kuti kwa miyezi isanu ndi umodzi yoyamba palibe kusintha mitengo, ngongole kapena maoda popanda awiriwo kukhala pansi, ndipo akasiyana maganizo nkhaniyo izifika kwa inu.